Theka la kolorini lomwe linazunguza akatswiri kwa zaka 100

Pa tebulo la maelementi lomwe limapachikidwa m'makalasi a sayansi m'sukulu za sekondale, kolorini ali ndi manambala awiri, 17 ndi 35.5. Kolorini ameneyu ndi yemwe uja timathira m'madzi akumwa nthawi ya kolera, komanso ndi mnzake wa sodiyamu mu mchere wa m'ndiwo. Wophunzira amauzidwa kuti nambala yaing'onoyo ndi ya mapulotoni, ndipo akachotsa yaing'ono pa yaikulu apeza manyutuloni. Akatsatira lamulolo mosaganiza amapeza manyutuloni 18.5, chinthu chosatheka, chifukwa nyutuloni siidulidwa pakati. Theka limeneli si vuto la ana asukulu okha. Linasautsa akatswiri a kemisitiri kuyambira mu 1815 mpaka cha m'ma 1920, ndipo linawasautsa pa chifukwa chomwe chimagwetsa ophunzira lero: kuganiza kuti elementi imadziwika ndi kulemera kwake. Mafunso afupiafupi a pa mayeso, akuti mapulotoni ndi angati, manyutuloni ndi angati, ayisotopu n'chiyani, hafulayifu n'chiyani, lililonse ndi chigamulo cha mlandu umene unakambidwa nthawi yaitali. Yemwe wamva m'mene mlanduwo unayendera sasokonezeka funso likabwera litatembenuzidwa, pamene woloweza chigamulo chokha amagwa pa dzenje lomwe anagwapo akatswiri akalewo.

Chiyambi chake ndi John Dalton, mphunzitsi wa ku Manchester, yemwe m'buku lake la mu 1808 ananena kuti maatomu a elementi imodzi ndi ofanana m'zonse, kuphatikizapo kulemera, ndipo amasiyana kulemera ndi maatomu a elementi ina. Kulemera kunakhala ngati dzina la elementi. Mu 1815 dokotala wina wa ku London, William Prout, anaona kuti ukatenga atomu ya haidirojeni, yomwe ndi yopepuka kuposa onse, n'kuipatsa kulemera kwa 1, maelementi ambiri amatuluka ndi manambala athunthu, monga momwe lero timapezera kaboni 12, naitirojeni 14, okosijeni 16. Iye anaganiza kuti mwina maatomu onse anamangidwa ndi maatomu a haidirojeni ophatikizana. Ganizoli linakoma kwa ambiri, koma kolorini anakana kulowa m'khola. Aliyense amene anamuyesa mosamala ankapeza pafupifupi 35.5. Katswiri wa ku Belgium, Jean Stas, anayamba ntchito yake akukhulupirira Prout, n'kutha zaka zambiri akuyesa kulemera kwa maelementi mosamala kwambiri, ndipo pofika mu 1860 anaweruza kuti Prout analakwa. Stas sanalakwitse muyeso ngakhale pang'ono. Chimene chinali cholakwika ndi chija anatengera kwa Dalton osachifunsa, chakuti maatomu onse a kolorini amalemera mofanana. Ngati onse ndi ofanana, ndiye kuti iliyonse imalemera 35.5, ndipo Prout wagwa. Panalibe chida chilichonse m'nthawiyo choyesera atomu imodzi payokha, choncho panalibe amene akanaona kuti 35.5 ndi nambala ya gulu, osati ya atomu.

Dmitri Mendeleev naye anakumana ndi chopinga cha mtundu womwewo pamene ankandandalika maelementi mu 1869. Iye ankatsata kulemera, kuyambira chopepuka kumka cholemera, ndipo maelementi a khalidwe lofanana ankagwera m'mzere umodzi. Koma teluriyamu amalemera pafupifupi 127.6 pamene ayodini amalemera 126.9, ndipo kutsata kulemera kukanaika ayodini patsogolo, m'banja lomwe si lake. Khalidwe la ayodini ndi la m'banja la kolorini, ndipo Mendeleev anamuika komweko, n'kunena kuti oyesa kulemera kwa teluriyamu anaphonya. Pa malo a ayodini analondola, koma pa chifukwa chake analakwa, pakuti teluriyamu ndi wolemeradi kuposa ayodini. Tebulo linali kutsata chinthu china chobisika chomwe nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kulemera, koma osati nthawi zonse.

Kuti chobisikacho chioneke, atomu inayenera kutsegulidwa. J. J. Thomson, ku Cambridge mu 1897, anaonetsa kuti m'maatomu a mtundu uliwonse mumatuluka tinthu tofanana ta chaji ya negetivu, timene lero timati maelekitironi. Elekitironi ndi yopepuka kwambiri, moti pamafunika pafupifupi 1,836 kuti afanane ndi pulotoni imodzi, ndipo n'chifukwa chake powerenga nambala ya kulemera sitiwawerengera. Kenako ku Manchester mu 1909, Hans Geiger ndi Ernest Marsden, motsogozedwa ndi Ernest Rutherford, anawomba tinthu ta alufa pa zitsulo zopyapyala monga golide ndi pulatinamu. Pafupifupi tonse tinangodutsa, koma kamodzi pa 8,000 kapena kuyandikira pamenepo kankabwerera m'mbuyo. Mu 1911 Rutherford anamasulira zimenezi kuti chaji yonse ya pozitivu, pamodzi ndi pafupifupi kulemera konse kwa atomu, zaunjikana pa kaphata kakang'ono kwambiri pakati, kamene m'makalasi amati nyukiliyasi, ndipo maelekitironi ali kunja, kutali nako. Kugawa atomu pawiri kumeneku ndiko kunatsegula njira, chifukwa kunalola kuti kemisitiri ikhale nkhani ya kunja, ya maelekitironi, pamene kulemera ndi kutulutsa cheza zikhale nkhani za phata.

Yemwe anakakamizika kuvomereza zotsatira zake anali Frederick Soddy, amene pa nthawiyo anali ku Glasgow. Ofufuza zinthu zotulutsa cheza anali atapeza zomwe ankaziona ngati maelementi atsopano pafupifupi 40, chilichonse chili ndi cheza chake ndi liwiro lake la kutha, koma pa tebulo, kuchokera pa mtovu kufika pa yureniyamu, pali malo 11 okha. Choipirapo n'chakuti zina mwa izo zinkakana kulekanitsidwa. Chinthu chomwe Bertram Boltwood anachipeza ku Yale mu 1907 n'kuchitcha ayoniyamu, chikasakanikirana ndi toriyamu, panalibe mankhwala omwe akanazipatula. George de Hevesy, mnyamata wa ku Hungary yemwe ankagwira ntchito ku Manchester, anapatsidwa ndi Rutherford ntchito yopatula chomwe ankachitcha rediyamu D kuchoka mu mtovu, ndipo anayesa njira zonse zomwe ankazidziwa osaphula kanthu. Mu 1913 Soddy ananena poyera zomwe kulephera konseku kunkatanthauza: zinthuzi sizipatuka chifukwa ndi elementi imodzi. Ayoniyamu ndi toriyamu, rediyamu D ndi mtovu, kungoti maatomu ake amasiyana kulemera. Maatomu otere, okhala pa malo amodzi pa tebulo koma olemera mosiyana, ndiwo anawatcha maayisotopu. Umboni wolimba unabwera chaka chotsatira kuchokera kwa munthu amene sankayembekezereka kuuvomera, Theodore Richards wa ku Harvard, yemwe moyo wake wonse unali woyesa kulemera kwa maatomu. Iye anapeza kuti mtovu wotengedwa m'miyala ya yureniyamu ndi wopepukirapo kuposa mtovu wamba, umene umalemera 207.2. Elementi imodzi, kulemera kuwiri, malingana ndi mwala umene yachokera. Lamulo la Dalton linathera pamenepo. Hevesy naye sanataye mtima: anaona kuti ngati mtovu wotulutsa cheza sungapatuke ndi mtovu wamba, ndiye kuti angaugwiritse ntchito kulondola kumene mtovu ukupita, ndipo njira imeneyi ndi kholo la kuyeza matenda ndi maayisotopu m'zipatala lero.

Ngati kulemera si dzina la elementi, dzina lake n'chiyani? Yankho linabwera m'chaka chomwecho cha 1913. Loya wina wa ku Netherlands, Antonius van den Broek, anapereka ganizo lakuti nambala ya malo a elementi pa tebulo ndi yofanana ndi chaji ya phata lake, ndipo Henry Moseley analiyesa. Iye ankawomba zitsulo zosiyanasiyana ndi maelekitironi n'kuyesa cheza cha ekisire chomwe chinkatuluka, ndipo anapeza kuti chezacho chimasintha ndi sitepe imodzi yofanana ukachoka pa elementi ina kupita pa yotsatira. Masitepewo ankatsata malo pa tebulo, osati kulemera. Motero Moseley anatha kuwerenga maelementi mmodzimmodzi n'kuloza pamene panali mipata, pa 43, 61, 72 ndi 75, ndipo onse anayi anadzapezeka pambuyo pake. Nkhani ya Mendeleev inamveka tsopano: teluriyamu ndi 52, ayodini ndi 53, ndipo teluriyamu amalemera kwambiri chifukwa maatomu ake ambiri ndi a kulemera kwa 128 ndi 130 pamene ayodini wachilengedwe ndi wa 127 yekha. Moseley anaphedwa ku nkhondo ku Gallipoli mu Ogasiti 1915 ali ndi zaka 27. Nambala yaing'ono ija yomwe mwana wa Fomu 3 amaiwerenga pa tebulo osaiganizira ndi ntchito yake.

Theka la kolorini linathetsedwa ndi Francis Aston ku Cambridge. Mu 1919 iye anamanga makina omwe amapatsa maatomu chaji, kuwathamangitsa, n'kuwakhotetsa ndi magetsi komanso maginito, moti opepuka amakhota kwambiri ndipo olemera amakhota pang'ono, aliwonse n'kukagwa pa malo awo pa galasi lojambulira. Motero maatomu anaima m'mizere malingana ndi kulemera kwawo. Niyoni, amene ankadziwika kuti amalemera 20.2, anatulutsa mizere iwiri, pa 20 ndi pa 22. Kolorini anatulutsa mzere pa 35 ndi wina pa 37, ndipo pa 35.5 panalibe kanthu. Pa maatomu anayi alionse a kolorini, pafupifupi atatu ndi a 35 ndipo imodzi ndi ya 37. Kuwerengera kwake n'kosavuta: (3 × 35 + 1 × 37) ÷ 4 = 142 ÷ 4 = 35.5. Zili ngati munthu ali ndi matumba anayi a chimanga, atatu a makilogalamu 35 ndi limodzi la 37, n'kunena kuti thumba lililonse ndi la 35.5, pamene palibe thumba lomwe likulemera choncho. Prout anali pafupi ndi choona, Stas anayesa bwino, ndipo maganizo a awiriwa ankatsutsana chifukwa cha ganizo la Dalton lomwe onse analivomera.

Panatsala funso limodzi lalikulu: ngati maatomu onse a kolorini ali ndi chaji ya 17 m'phata, n'chiyani chikulemeretsa ena? Rutherford anali ataonetsa mu 1919 kuti phata la haidirojeni limatha kutuluka m'phata la naitirojeni, ndipo mu 1920 linapatsidwa dzina lakuti pulotoni. Popeza tinthu todziwika tinali tiwiri tokha, akatswiri ankati phata la kolorini wa 35 lili ndi mapulotoni 35 ndi maelekitironi 18 omwe amafafaniza chaji yotsalayo kuti ikhale 17. Masamu ake ankagwirizana, ndipo kwa zaka zoposa khumi mabuku ankaphunzitsa zimenezo. Koma naitirojeni anaulula bodzalo. Mwa kawerengedwe kameneka phata lake likanakhala ndi mapulotoni 14 ndi maelekitironi 7, tinthu 21, nambala yosagawika pawiri, pamene kuyesa kuwala kwa naitirojeni kunkasonyeza kuti tinthu ta m'phata lake ndi ta nambala yogawika pawiri. Rutherford anali ataneneratu mu 1920 kuti mwina kuli kanthu kolemera ngati pulotoni koma kopanda chaji. Mu 1930 Walther Bothe ndi Herbert Becker ku Germany anawomba beriliyamu ndi tinthu ta alufa n'kupeza cheza choboola kwambiri, ndipo kumayambiriro kwa 1932 Irène Curie ndi mwamuna wake Frédéric Joliot ku Paris anaona kuti chezacho chimakankha mapulotoni kuchoka mu phula la parafini. Iwo anachitenga ngati cheza cha gama. James Chadwick, wophunzira wa Rutherford, anaona kuti cheza chopanda kulemera sichingakankhe pulotoni mwamphamvu choncho, ndipo m'masabata ochepa, mu Febuluwale 1932, anaonetsa kuti chomwe chikutuluka ndi nyutuloni. Naitirojeni anakhala wa mapulotoni 7 ndi manyutuloni 7, tinthu 14, ndipo vuto lija linatha.

Apa ndi pamene mafunso afupiafupi amapeza mayankho awo, ndipo kolorini yemweyo akwanira kuwayesera onse. Cl-35 ali ndi mapulotoni 17, chifukwa atomu iliyonse ya kolorini ili ndi 17, ndipo ikanakhala ndi 18 ikanakhala ya agoni. Manyutuloni ndi 35 − 17 = 18. Cl-37 ali ndi mapulotoni 17 omwewo ndi manyutuloni 37 − 17 = 20. Atomu yopanda chaji ili ndi maelekitironi ofanana ndi mapulotoni, 17, oikidwa m'magulu a 2, 8, 7, ndipo popeza maayisotopu onse awiri ali ndi 7 kunja, onse amagwirana ndi sodiyamu mofanana, ndipo mchere wake sungasiyanitsidwe ndi lilime kapena ndi mankhwala. Mu mcherewo kolorini walandira elekitironi imodzi n'kukhala Cl⁻, wa maelekitironi 18, koma phata lake silinakhudzidwe, ndipo akadali kolorini. Zolakwa zomwe zimabwerezedwa pa mayeso zimadziwika ndi zizindikiro zake. Yankho la manyutuloni likatuluka ndi theka, ndiye kuti wophunzira wachotsera pa nambala ya gulu m'malo mwa nambala ya kulemera ya ayisotopu imodzi. Akasintha mapulotoni pofuna kufotokoza chaji ya Cl⁻, wasintha elementi osadziwa. Akanena kuti C-14 ndi N-14 ndi maayisotopu chifukwa onse ndi 14, wabwerera kwa Dalton, chifukwa kaboni ali ndi mapulotoni 6 pamene naitirojeni ali ndi 7, ndipo kufanana kulemera sikuwapanga abale.

Wina angatsutse kuti mbiri yonseyi ndi katundu wolemetsa mwana amene akungofuna kukhoza MSCE, pamene malamulo atatu oloweza angamukwanire. Kutsutsaku kuli ndi mbali yoona, pakuti mayeso safunsa za Stas kapena Richards. Koma malamulo oloweza amagwira ntchito pokhapokha funso likabwera m'maonekedwe omwe anawalowezera. Likangopereka 35.5 m'malo mwa 35, kapena likafunsa chifukwa chimene maayisotopu sapatukira ndi mankhwala, lamulo lokha silinena kanthu. Chofunika si mayina ndi zaka, koma zifukwa ziwiri zomwe mbiriyi imaonetsa mosavuta kuposa tanthauzo lililonse la m'buku: kuti dzina la elementi lili mu chaji ya phata, ndi kuti kemisitiri imachitikira kunja kwa phatalo. Kutsutsa kwina n'kozama kuposa uku. Kumati chithunzi chomwe timaphunzitsa si choona kwenikweni, chifukwa maelekitironi sayenda m'mizere yozungulira monga amajambulidwira, kulemera kwa Cl-35 ndi 34.97 osati 35 ndendende, ndipo maayisotopu si ofanana kotheratu pa kemisitiri. Zonsezi n'zoona. Haidirojeni wolemera, amene Harold Urey anamupeza mu 1931, ali ndi nyutuloni imodzi yomwe imachulukitsa kulemera kwake kawiri, ndipo madzi opangidwa ndi iye amaundana pa madigiri 3.8 m'malo mwa 0. Koma kusiyana kotere kumaoneka bwino pa haidirojeni chifukwa ndi wopepuka kwambiri, ndipo pa kolorini kapena mtovu n'kochepa moti Hevesy sakanakuona. Nambala ya kulemera nayo siinama, chifukwa si muyeso wa pa sikelo koma chiwerengero cha mapulotoni ndi manyutuloni, ndipo chiwerengero chimakhala chathunthu nthawi zonse.

Hafulayifu, nthawi imene theka la maphata otulutsa cheza limatenga kuti lisinthe, inapezeka ayisotopu asanadziwike, ndipo ndi imodzi mwa zinthu zomwe zinamukakamiza Soddy. Mu 1900 Rutherford, ali ku yunivesite ya McGill ku Montreal, anaona kuti toriyamu amatulutsa mpweya wina wa cheza, ndipo mphamvu ya chezacho inkatsika ndi theka pa mphindi imodzi iliyonse, kaya wayamba ndi mpweya wambiri kapena wochepa. Mpweyawo lero timautcha Rn-220, ndipo hafulayifu yake ndi masekondi pafupifupi 56. Mu 1902 iye ndi Soddy anafotokoza kuti chomwe chikuchitika n'chakuti maatomu a elementi ina akusanduka a elementi ina. Ayoniyamu ndi toriyamu wamba anali ofanana pa mankhwala koma osiyana kutalitali pa liwiro la kusinthaku, ndipo izi zikutiuza kumene hafulayifu imakhala: m'phata, osati m'maelekitironi. N'chifukwa chake funso lakuti hafulayifu ya ayodini ndi yotani ndi funso lopunduka. Ayodini wa mu mchere wa m'sitolo ndi I-127, wa manyutuloni 74, ndipo sasintha konse. I-131, amene madokotala amachizira matenda a chithokomiro, ali ndi mapulotoni 53 omwewo koma manyutuloni 78, ndipo hafulayifu yake ndi masiku 8. Chithokomiro chimakoka onse awiri mofanana chifukwa chimangoona maelekitironi, ndipo n'chimene chimapangitsa kuti mankhwalawo akafike pamalo oyenera.

Titenge funso monga limabwerera. Chida chowerenga cheza chikusonyeza 820 pa mphindi pafupi ndi botolo la I-131, ndipo botolo likachotsedwa chimasonyeza 20, chomwe ndi cheza cha m'chilengedwe chochokera m'nthaka, m'makoma ndi m'mlengalenga. Chidzasonyeza chiyani pakatha masiku 24? Choyamba ndi kuchotsa 20 ija, chifukwa siichokera m'botolo ndipo siitsika, n'kutsala ndi 800. Masiku 24 ndi mahafulayifu atatu, pakuti 24 ÷ 8 = 3. Pakatha masiku 8 patsala 400, pakatha 16 patsala 200, pakatha 24 patsala 100, ndipo chidacho chidzasonyeza 120 tikabwezerapo 20 ija. Woiwala kuchotsa cheza cha m'chilengedwe amapeza 102.5. Wogawa 800 ndi 3 wasokoneza kudula pakati katatu ndi kugawa patatu. Koma cholakwa chofala kwambiri ndi cha yemwe amaganiza kuti ngati theka latha m'masiku 8, theka linalo litha m'masiku 8 otsatira, zonse n'kuthera pa tsiku la 16. Chimene chimadulidwa pakati ndi chomwe chatsala, osati chomwe tinayamba nacho. Ndipo mawu akuti kutha asatinyenge: zomwe zili m'botolo sizipepuka ndi theka. M'phata la I-131 nyutuloni imodzi imasanduka pulotoni n'kutulutsa elekitironi, mapulotoni n'kukhala 54, manyutuloni 77, nambala ya kulemera n'kukhalabe 131, ndipo atomuyo tsopano ndi ya zenoni. Lamulo la Moseley likugwiranso ntchito pano: pulotoni imodzi yawonjezeka, dzina lasintha.

Pali chikayiko chomveka chomwe munthu woganiza amakhala nacho apa. Akatswiri amavomereza kuti palibe angadziwe nthawi imene phata limodzi lidzasinthe, kuti likhoza kusintha sekondi ino kapena patatha chaka, ndipo kutentha, kuzizira kapena kuthira mankhwala sikulifulumizitsa m'njira yoti n'kuizindikira. Nanga chinthu chongochitika mwamwayi chingapereke bwanji nambala yodalirika ngati masiku 8? Yankho lili mu kuchuluka. Phata lililonse la I-131 lili ndi mwayi wa theka wosintha m'masiku 8 akubwerawa, kaya lakhalapo nthawi yaitali bwanji, chifukwa phata silikalamba. Ukakhala ndi maphata khumi, n'zotheka kuti asinthe atatu kapena asanu ndi awiri, ndipo lamulo la theka silingadaliridwe. Koma kachidutswa kosaoneka ndi maso kali ndi maatomu mabiliyoni osawerengeka, ndipo pa unyinji wotere kupatuka pa theka kumakhala kochepa koti sikuoneka. Apa ndiye palinso malire a lamuloli: likamayandikira kumapeto, maatomu atatsala ochepa, manambala a pa chida amayamba kudumphadumpha, ndipo woyesa ayenera kuwerenga nthawi yaitali kuti apeze nambala yokhulupirika.

Malire omwewa amaoneka pa ntchito yotchuka kwambiri ya hafulayifu, yoyeza zaka za zinthu zakale ndi C-14, imene Willard Libby anaiyambitsa ku Chicago chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Chamoyo chilichonse chimalowetsa kaboni, ndipo kachigawo kakang'ono kwambiri ka kaboniyo ndi C-14, wa mapulotoni 6 ndi manyutuloni 8. Chikafa chimasiya kulowetsa, ndipo C-14 amatsika ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse, akusanduka naitirojeni. Makala a pa malo akale omwe atsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi adutsa mahafulayifu awiri, zaka pafupifupi 11,460. Libby ankagwiritsa ntchito 5,568, nambala yomwe inadzakonzedwa, ndipo zinadzadziwikanso kuti C-14 wa m'mlengalenga sanakhale wofanana m'mibadwo yonse, choncho zaka zotuluka m'makina zimawongoledwa poziyerekeza ndi mizere ya m'matsinde a mitengo yakale. Kupitirira zaka pafupifupi 50,000, zomwe ndi mahafulayifu osakwana 9, wotsalayo amachepa moti kaboni watsopano pang'ono wochokera ku mizu kapena m'manja mwa wofukula amasokoneza muyeso wonse. Mafupa a zinyama zakalekale zokwiririka m'miyala ya ku Karonga, a zaka mamiliyoni ambiri, sangayezedwe ndi C-14.

M'boma lomwelo muli chitsanzo cha mbali ina ya sikelo. Yureniyamu wa ku Kayelekera, monga yureniyamu wachilengedwe wa m'migodi ina, ndi maayisotopu akuluakulu awiri osakanikirana, onse a mapulotoni 92. Pafupifupi 99.3 pa 100 ndi U-238, wa manyutuloni 146 ndi hafulayifu ya zaka 4.5 biliyoni, yomwe ikufanana ndi zaka za dziko lapansi, kutanthauza kuti theka la amene analipo pachiyambi akadalipo. Wotsalayo, 0.7 pa 100, ndi U-235, wa manyutuloni 143 ndi hafulayifu ya zaka pafupifupi 700 miliyoni, ndipo ndi wochepa chonchi chifukwa wadulidwa pakati koposa kasanu ndi kamodzi m'nthawi yomweyo. U-235 ndi amene amafunika m'malo ambiri opangira magetsi a nyukiliya, pa mlingo wa pakati pa 3 ndi 5 pa 100. Asidi ndi mankhwala a pa mgodi amatha kupatula yureniyamu ku mwala, koma sangapatule U-235 ku U-238, pa chifukwa chomwe chinalepheretsa Hevesy. Ufa wochoka pa mgodi umakhalabe wa 0.7, ndipo kuukweza kumafuna kuusandutsa mpweya n'kuuzungulitsa m'makina othamanga kwambiri, ambirimbiri motsatizana, omwe amadalira kusiyana kwa manyutuloni atatu okha pa kulemera kwa 238.